Ukwati wa kunyanja: pepala limodzi lomwe linatiwombola

Mu Julayi chaka chatha, komiti ya ukwati wa msuweni wanga inandipatsa ntchito yokonzekera zogwa mwadzidzidzi. Madyerero anali a panja, m'mbali mwa nyanja ku Karonga, ndipo tinaitana anthu 300. Amalume anaseka: "Mphwanga, mvula ya mu Julayi unaiona kuti?" Zoona mvula kunalibe, koma imeneyi ndi nyengo ya mwera.

Ndinalemba pepala limodzi basi. Pa vuto lililonse ndinayankha mafunso atatu: tidzadziwa bwanji kuti zavuta, adzalamula ndani, nanga adzachita chiyani?

Ndinayamba ndi magetsi. Jenereta yobwereka tinaiyesa dzulo lake, titalumikiza zokuzira mawu zonse, chifukwa ina imalira bwino ili yokha koma kuipatsa katundu imazima. Mwini wake anati imamwa malita awiri pa ola. Mwambo wa maola 6 unkafuna malita 12, ife tinagula 15. Mnyamata mmodzi ntchito yake inali yomweyo. Magetsi anathimadi perekaniperekani ali mkati, koma nyimbo zinabwerera anthu ndalama zikadali m'manja.

Mwera umachokera kummwera, choncho mbali yotseka ya tenti tinailozetsa komweko. Zikhomo sizigwira mumchenga, ndiye zingwe tinazimangirira kumatumba a mchenga omwe tinawakwirira pansi. Tinagwirizana kuti mzati umodzi ukangonyamuka, tcheyamani asamutsire anthu muholo yomwe tinapemphatu pafupi. Sitinafikepo, koma makiyi anali m'thumba mwake.

Wokongoletsa malo ankachokera ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 200, kudzera m'mapiri a Chiweta. Papepala ndinalemba kuti ikakwana 7 koloko m'mawa asanatsike Chiweta, tiimbire mayi wina wa pa boma pomwepo yemwe tinamuuziratu. Ndalama tinangopereka theka kuti tikhale ndi polipira winayo. Galimoto inafera panjira, tinamuimbira mayiyo, ndipo akwati anapeza malo atakonzedwa.

Pomwe ndinagwa m'pa chiwerengero cha anthu. Ndinaika chingwe ndi achinyamata awiri kuti ana asathamangire kunyanja, koma polowera sindinaikepo munthu. Malo a panja alibe chitseko: aliyense womva nyimbo amabwera. Mpunga wa Kilombero ndi mbalagha zinatha achibale ena a mkwati, omwe anachokera ku Chitipa, asanadye. Mpaka lero azakhali amandikumbutsa.

Ndiye inu mukamakonza wanu, polowera pakhale pamodzi, poonetsa makhadi, koma potulukira pakhale pawiri posatchingidwa ndi magalimoto. Alendo ochokera kutali ayambe kudya ndiwo, ndipo poto mmodzi abisidwe kukhitchini. Pepalalo aliyense wa m'komiti akhale nalo m'manja, chifukwa foni imatha moto tsiku lomwe mukuifuna.