Kadontho kaja kasakupusitseni

Anyamata a pa Mtakataka, tisamaweruze ntchito ya wosewera titangoona kadontho kake pa mapu a mapasi.

Tengani Trent ali ku Liverpool. Kuyambira gemu ya Arsenal mu Epulo 2023, papepala anali difenda wakumanja, koma timu ikagwira mpira ankalowa pakati, pambali pa Fabinho. Hiti mapu imafiira pomwe munthu wakhudza mpira kwambiri, ndiye ya wotereyu imafiira pawiri: kumzere ndi pakati. Mapu a mapasi amangomuika pakatikati pa malo awiriwo, pomwe mwina sanaimepo n'komwe.

Choncho onani mizere, amangwetu. Mizere yokhuthala ikachokera kwa madifenda anzake, iye n'kumapatsira akutsogolo, ameneyo ndiye akuyendetsa gemu. Si difenda wamba ayi.