CHENJEZO: Foni ikakusoverani samu, musakopere musanaiyese

Chenjezoli likupita kwa ophunzira a ku sekondale, makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mayeso a MSCE akuwayandikira, komanso kwa inu makolo amene mumabwereketsa foni madzulo kuti mwana alembere homuweki. Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo zimene ndikupeza m'makope masiku ano sizikundigonetsa tulo. Mwana akujambula funso m'buku, pulogalamu ya pafoni ikumuyalira njira yonse mzere ndi mzere, iye akukopera osayang'ananso kawiri. Mayankho ena oterewa ndi olakwa, ndipo choopsa n'chakuti amalembedwa mwaukhondo moti ngakhale mwana wochangamuka sawakayikira.

Ndikuuzeni zimene zinachitika m'kalasi mwanga. Ndinapereka funso la m'buku ili:

2x² − 5x − 3 = 0

Yankho lake ndi x = 3 kapena x = −1/2. Pochonga ndinapeza makope angapo atalemba x = 1 kapena x = 3/2, onse mizere yofanana ngati mapasa, zilembo zokongola, fomula yoikidwa bwino. Ndinaitana mtsikana mmodzi wa gululo, mwana wakhama amene sajomba.

“Iwe, samu iyi waisova wekha?”

Anayang'ana pansi. “Ayi aphunzitsi, tinajambula ndi foni ya achimwene. Komatu inasonyeza masitepe onse.”

Ndinamutuma kuti abwere nalo buku limene anajambulalo. Linali limodzi mwa mabuku athu aja odutsa m'manja ambiri, chikuto chinathothoka kalekale, masamba ofewa ngati nsalu. Tsamba lake linapindikapo kale, ndipo mkwinya wa pepalalo unadutsa ndendende pa kachizindikiro kochotsera kamene kali patsogolo pa 3. Diso la munthu limadziwa kuti uwu ndi mkwinya. Kamera inaona kamzere kopingasa kodutsidwa ndi kamzere koimirira, n'kuwerenga pulasi. Choncho foni inasova funso lina:

2x² − 5x + 3 = 0

Ndipo inalisova molondola. Ichi ndicho ndikufuna mumvetse. Pansi pa sikweya ruti panabwera 25 − 24, yomwe ndi 1, m'malo mwa 25 + 24, yomwe ndi 49. Onsewa ndi manambala otuluka bwino pa sikweya ruti, kotero panalibe chodabwitsa chilichonse choti mwana aimepo. Akanatsatira mizereyo kakhumi konse sakanapeza cholakwa, chifukwa cholakwacho chinalowa samu isanayambe.

Ndinamupatsa choko kuti aike x = 1 m'funso la m'buku. Analemba 2 − 5 − 3, n'kupeza −6. Funso likuti payenera kutuluka 0. Anayesa 3/2, inatulukanso −6. Kenaka anaika 3: 18 − 15 − 3, n'kutuluka 0. Ntchito yonseyi sinathe ngakhale mphindi imodzi, ndipo sinafune bandulo.

Mapulogalamu amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo n'kofunika kudziwa umene muli nawo m'manja. Ena, monga Photomath, imene inayambira ku Croatia mu 2014 ndipo pano ili m'manja mwa Google, amayamba asandutsa chithunzi kukhala zilembo ndi manambala, kenaka n'kusova motsatira malamulo a masamu amene anaikidwamo. Amenewa kawirikawiri amagwera pa kuwerenga chithunzi, monga taonera. Ena ndi ocheza nawo aja, monga ChatGPT imene inatuluka mu 2022, ndi anzake amene alowa mpaka mu WhatsApp. Awa anaphunzitsidwa pa zolembedwa zankhaninkhani, ndipo polemba amasankha mawu kapena nambala yooneka kuti ndi yoyenera kutsatira pamene afika. Nthawi zambiri amalasa, sindikana. Koma akhoza kuwerenga funso bwinobwino, n'kuterereka pa mzere wachitatu, n'kupitiriza ndi mawu odzidalira omwe aja mpaka pamapeto. Mwana akamakayika amachita chibwibwi, mphunzitsi n'kudziwa kuti apa pali vuto. Pulogalamu ilibe chibwibwi. Imalemba cholakwa ndi cholondola mofanana.

Kuterereka kwa pakatiko kumakonda malo omwe ana athu amagwerapo: mainasi kutsogolo kwa bulaketi. Tengani funso ili:

5 − 2(x − 4) = 3

Potsegula bulaketi, −2 kuchulukitsa ndi −4 ndi +8. Mzere wolondola ndi 5 − 2x + 8 = 3, ndipo x = 5. Koma mukaona mzere wakuti 5 − 2x − 8 = 3, zonse zotsatira ziyenda mosalala mpaka x = −3. Kubwezera −3 m'funso kumapereka 5 − 2(−7), yomwe ndi 19, osati 3. Apa mwadziwa kuti pali cholakwa, koma simunadziwe pamene chili. Njira yochisakira ndi iyi: sankhani nambala yosavuta, monga x = 1, muiike m'chidutswa chimene chasintha pakati pa mizere iwiri yotsatizana. Chidutswa −2(x − 4) chikupereka 6. Chidutswa −2x − 8 chikupereka −10. Zikanakhala chinthu chimodzi zikanapereka nambala imodzi. Pamenepo ndi pamene pathyoka, ndipo mwana amene wapeza yekha malo amenewa saiwalanso za mainasi ndi bulaketi.

Palinso msampha wina umene ngakhale ife aphunzitsi umatikola tikamafulumira. Funso ngati √(x + 2) = x limasovedwa pochita sikweya mbali zonse ziwiri, n'kufika pa x² − x − 2 = 0, imene imapereka x = 2 kapena x = −1. Mizere yonse ikuoneka yabwino. Koma ikani −1 m'funso loyamba: kumanzere kukutuluka √1, yomwe ndi 1, pamene kumanja kuli −1. Sizikugwirizana. Yankho ndi 2 yekha. −1 uja ndi mlendo amene analowa nthawi imene timachita sikweya. Pulogalamu ina imamuchotsa, ina imamusiya. Wokopera sangadziwe kuti yake yachita chiti.

Zina n'zazing'ono koma zimadya malikisi chimodzimodzi. Kadontho ka desimo kakafufutika, 2.5 amasanduka 25. Nambala yosakaniza ngati 3½ ikhoza kuwerengedwa ngati 31/2. Ka 2 kakang'ono kapamwamba pa x² kakajambulidwa mopendekeka kamatsika n'kukhala x2. Mawu olamula kuti yankho lisiyidwe pa malo angati a desimo nthawi zambiri amakhala pamwamba pa tsamba, ndipo chithunzi chimawadula. Za mafunso a makona ndi zozungulira ndiye musanene: funso limatsamira pa chojambula, ndipo chojambulacho chikatsala kunja kwa chithunzi, kapena timizere tosonyeza mbali zofanana tikapanda kuoneka, pulogalamu yocheza nayo ija ikhoza kungodzaza yokha zimene zasowa, osakuuzani kuti yaganizira. Ndiye ganizirani kujambula kwake kumene kumachitika usiku magetsi atazima, kandulo ali apo, mthunzi wa dzanja uli pa tsamba.

Sindikuti tayani foni. Kumudzi kumene kulibe wina wofunsa, mwana amene wakanirira pa samu usiku akhoza kupindula poona njira yoyalidwa. Chimene ndikukaniza ndi kukopera. Musanawerenge ngakhale sitepe yoyamba, yang'anani funso limene foni yalemba pamwamba, mulifanizire ndi la m'buku chizindikiro ndi chizindikiro, chala chili pa tsamba. Mapulogalamu ambiri amaonetsa zimene awerenga ndipo amalola kukonza. Ngati yanu sionetsa, litaipeni nokha funsolo. Yankho likabwera, libwezereni m'funso la m'buku, osati la pafoni, chifukwa la pafoni lidzavomereza yankho lake lomwe. Mtsikana uja akanaika x = 1 mu 2x² − 5x + 3 akanapeza 0, n'kugona mtima uli m'malo.

Ndipo musanamizidwe ndi njira ziwiri zimene ana amazitcha kutsimikiza. Yoyamba ndi kujambulanso tsamba lomwelo. Mkwinya uja sunachoke, ndiye foni ikhoza kuwerenganso pulasi. Mayankho awiri ofanana sakutsimikiza kanthu. Yachiwiri ndi kuifunsa pulogalamu yocheza nayo ngati yalondola. Mapulogalamu amenewa amakonda kugonjera wofunsa. Akhoza kupepesa n'kusintha yankho lomwe linali lolondola, kapena kubwereza lolakwa lija ndi mawu ena. Mayankho a kumapeto kwa buku amathandiza, koma nawonso nthawi zina amalakwika posindikiza. Pakakhala mkangano pakati pa foni ndi buku, woweruza ndi kubwezera nambala m'funso ndi pensulo yanu.

Kwa a Fomu 4 ndiwonjezere ichi. M'chipinda cha mayeso a MANEB foni siloledwa, ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Wochonga amayang'ana njira imene mwadutsa, osati nambala yomaliza yokha. Ndaonapo ana amene kope lawo la homuweki ladzaza zochonga zofiira, koma pa mayeso a m'kalasi osatha kulemba ngakhale mzere woyamba. Kuwerenga njira yosovedwa kale kumapatsa munthu maganizo oti wamvetsa, pamene dzanja lake silinaphunzire kanthu. Choncho mukaona masitepe pafoni, iikeni chafufumimba, musove funso lomwelo pa pepala lina, kenaka musove lotsatira m'buku popanda kujambula. Mukakanika, ndiye kuti simunamve, ndipo m'mawa bwerani nalo kwa mphunzitsi.

Inu makolo, simufunika kudziwa aljebura kuti muthandize. Mwana akakubwezerani foni n'kunena kuti wamaliza, mufunseni kuti, “Tandionetsa pamene wayesera yankho lakoli.” Payenera kukhala timizere tiwiri kapena titatu pansi pa samu iliyonse, pamene waika nambala yake m'funso n'kuona mbali ziwiri zikufanana. Ngati palibe, abwerere pampando. Aphunzitsi anzanga, ine ndayamba kukana kope lililonse lopanda timizere timeneti, ndipo kuyambira Lolemba likubwerali aliyense wobweretsa homuweki ndizimusankhira mzere umodzi woti aufotokoze pa bolodi.