Kalata ya ku MRA ikhale ya manambala, osati ya madandaulo

Bizinesi yomwe ikupanga phindu itha kusowa ndalama yolipirira msonkho, ndipo chifukwa chake nchodziwika. Msonkho wa PAYE womwe kampani yadula pamalipiro a antchito umayenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo wa VAT pofika pa 25. Masiku amenewa sasuntha, koma wogula katundu pangongole amalipira tsiku lomwe wafuna. VAT imayamba kuwerengedwa katundu akaperekedwa kapena invoyisi ikalembedwa, ngakhale tambala isanalowe mu akaunti. Choncho wamalonda amene wadikira malipiro miyezi inayi amapezeka ali ndi ngongole ya msonkho pa ndalama yomwe sanaigwire nkomwe. Zikatere, njira yabwino ndi kulembera MRA msanga kupempha kulipira pang'onopang'ono. Koma maganizo anga ndi akuti mphamvu ya kalata imeneyi ili pa chinthu chimodzi: kuonetsa ndi manambala kuti ndalama zomwe mukulonjeza zichokera kuti, msonkho watsopano ukulipiridwabe pa nthawi yake.

Musanalembe kalata, ngongoleyo idziwike bwinobwino. Ambiri ndalama zikasowa amasiya nkutumiza komwe mafomu a msonkho, poganiza kuti fomu yopanda ndalama ndi kudziitanira mavuto. Kumeneko ndi kudzionjezera mlandu, chifukwa kuchedwa kutumiza fomu kuli ndi chindapusa chake, chosiyana ndi cha kuchedwa kulipira. Tumizani kaye mafomu onse otsalira pa Msonkho Online, kenako fananitsani zomwe zili m'mabuku anu ndi zomwe MRA ikunena kuti muli nazo. Ngati pali ndalama ina yomwe simukugwirizana nayo, imeneyo ili ndi njira yake yodandaulira ndiponso nthawi yake yoikika. Musaisakanize ndi pempholi, pakuti kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono ndi kalata yovomera ngongole.

Tiyerekeze kampani yopanga madesiki ndi mipando ku Blantyre, yomwe idapereka katundu wa K30 miliyoni ku bungwe lina koma malipiro sanatuluke. Ili ndi ngongole ya K12 miliyoni: K8.4 miliyoni ya VAT ndi K3.6 miliyoni ya PAYE, zonse za Januwale mpaka Malichi. Pamwamba pa kalata pakhale dzina la kampani ndi nambala yake ya TPIN, ndipo ipite kwa mkulu wa MRA kudzera ku ofesi yomwe imasunga failo ya kampaniyo. Ndime yoyamba itchule ngongole, msonkho uliwonse paokha ndi mwezi wake. Ndime yachiwiri ifotokoze chifukwa m'ziganizo ziwiri kapena zitatu: katundu adaperekedwa liti, invoyisi yake ndi iti, malipiro adayenera kubwera liti. Mawu oti chuma sichikuyenda bwino sathandiza pano. Kugwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakhudza aliyense, kotero ofisala amene wawerenga mawu amenewa m'makalata ambirimbiri saphunzirapo kanthu za bizinesi yanu. Chomwe chimamuuza kanthu ndi invoyisi yosalipiridwa, pepala losainidwa losonyeza kuti katundu adalandiridwa, ndi masitetimenti a kubanki a miyezi yomwe vuto lidayamba.

Mtima wa kalata ndi ndime yachitatu. Tinene kuti pamwezi kampaniyi imalandiradi K20 miliyoni. Matabwa, zitsulo ndi zipangizo zina zimadya K9 miliyoni, malipiro a antchito K5 miliyoni, lendi ndi magetsi K1 miliyoni, ndipo msonkho wa mwezi womwewo ndi K3 miliyoni. Yotsala ndi K2 miliyoni. Pempho lanzeru ndi kulipira K3 miliyoni tsiku lopereka kalata, risiti yake nkuiphatika pomwepo, kenako K1.5 miliyoni mwezi uliwonse kwa miyezi 6, tsiku lolipira litatchulidwa. K500,000 yotsalayo ndi ya chiwongoladzanja komanso mwezi womwe malonda angavute. Kalata iwonjezere lonjezo lakuti K30 miliyoni ija ikangotuluka, ngongole yonse yotsala idzathetsedwa sabata yomweyo. Mantha amakankha mwini kampani kulonjeza K4 miliyoni pamwezi kuti aoneke wodzipereka. Koma pa ndalama zomwe taonazi, K4 miliyoni ingapezeke pokhapokha atabweza ngongole yakale ndi msonkho watsopano, ndiye kuti pofika mwezi wachitatu ngongole yatsopano yaunjikana ndipo pangano lasweka. Chizindikiro cha dongosolo lolakwika nchosavuta kuona: ngati mu kawerengedwe kanu mulibe mzere wa msonkho wa mwezi uno, manambalawo ndi abodza ngakhale mutawalemba ndi mtima woona.

Ena amati kulemba kalata ndi kudzipereka wekha m'manja mwa okhometsa msonkho, bola kukhala chete mpaka ndalama zitapezeka. Koma mlandu suwola, ndipo ngongole ya wamalonda wolembetsedwa siyobisika: mwezi wopanda fomu kapena fomu yopanda malipiro zimaonekera pa kompyuta ya MRA. Chomwe kukhala chete kumabisa ndi chifukwa chanu chokha. Malamulo amapatsa MRA mphamvu yolamula banki, ngakhalenso munthu amene ali ndi ndalama zanu, kuti azipereke ku boma mmalo mokupatsani. Lamulo lotere likafika pa akaunti sabata ya malipiro, kampani imene ikanatha kubweza K1.5 miliyoni pamwezi imalephera kugula matabwa. Komanso ngongole yosakambirana imavutitsa kupeza satifiketi yosonyeza kuti za msonkho wanu zili bwino, yomwe imafunika popikisana pa makontirakiti a boma.

Kutsutsa kwina nkwamphamvu kwambiri, ndipo ndikuvomereza mbali yake yaikulu. PAYE si ndalama ya kampani: idadulidwa pamalipiro a wantchito, ndipo bwana adangoisunga. Amene waigwiritsa ntchito zina alibe ufulu wokakamiza MRA kumudikira, ndipo mnzake amene adakongola kubanki kuti alipire pa nthawi yake ali ndi chifukwa chodandaulira. Nchifukwa chake K3 miliyoni yoyamba ija kalata ipemphe kuti ipite ku PAYE, ndipo wolemba asayembekezere kuti chiwongoladzanja chiima. Pempho lochotseredwa chindapusa, ngati lilipo, likhale lapadera ndi zifukwa zake, lisakhale chikole cha kulipira. Zikayenda chonchi, wochedwa amalipira zambiri kuposa wolipira msanga, ndipo chilungamo chimasungika. Boma nalo limapeza K12 miliyoni yake yonse, komanso K3 miliyoni mwezi ndi mwezi yomwe ikanatayika kampani ikanatsekedwa.

Pomaliza, kupereka kalata si kuvomerezedwa. MRA itha kukana, kufupikitsa nthawi, kapena kufuna ndalama yoyamba yokulirapo. Sungani kope lodindidwa tsiku lomwe kalata yalandiridwa, pemphani yankho lolembedwa, ndipo yambani kulipira monga mwalonjezera yankho lisanabwere, chifukwa risiti ziwiri zimakhulupiritsa ofisala kuposa lonjezo lililonse. Ngati mwaona kuti mwezi wina simukwanitsa, lembaninso tsiku lolipira lisanafike, mutchule ndalama yomwe muli nayo ndi tsiku lomwe yotsalayo idzaperekedwe.