Mabuku awiri a zaumoyo: tiyambe liti?

M'midzi yambiri ya m'malire muno simusowa munthu wosunga mabuku a zaumoyo m'bokosi, ena adabwera nawo pochokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, ena adapatsidwa pa maphunziro. Pali awiri amene amasokoneza anthu chifukwa amafanana ngati ana a mimba imodzi. Onse ndi onenepa, ali ndi zithunzi zojambula pamanja, ndipo kumapeto kwake ali ndi masamba obiriwira ofotokoza za mankhwala.

Loyamba ndi la David Werner, limene m'Chipwitikizi limatchedwa Onde Não Há Médico, kunena kuti pamene palibe dokotala. Mkuluyu adalilemba akugwira ntchito ndi alimi a m'mapiri a ku Mexico, ndipo lidatuluka m'Chisipanishi mu 1973, m'Chingerezi mu 1977. Lachiwiri ndi Where Women Have No Doctor, lonena za amayi amene ali kutali ndi dokotala. Lidatuluka mu 1997 kuchokera ku bungwe lomwelo la Hesperian. Munthu wokhala ndi khasu tsiku lonse alibe nthawi yowerenga onse pamodzi. Nanga ayambe liti?

Ambiri amangoyesa kulemera kwake, kapena amatenga limene chikuto chake chili chatsopano. Chikuto sichichiza munthu. Poyamba afunse kuti, kodi pakhomo pano ngozi imene ili pafupi ndi iti?

Pa banja limene mulibe woyembekezera, buku la Werner ndilo loyenera kuyamba. Chifukwa chake ndi chakuti limaphunzitsa kuona wodwala, kaya ndi khanda, kaya ndi agogo. Mitu yake yoyambirira ikulongosola mmene munthu angawerengere kupuma kwa mwana, mmene angadziwire kuti madzi atha m'thupi poona liwombo lolowa ndi khungu losabwerera akalitsina, komanso zizindikiro zosonyeza kuti matenda aposa nzeru za pakhomo. Wodziwa zimenezi savutika akadzatsegula buku la amayi, pakuti maziko ali nawo kale. Buku la amayi silidzamuthandiza kwambiri mwamuna akadzitema ndi nkhwangwa kudimba, poti silidalembedwere zimenezo.

Koma tiyerekeze banja la ku Domwe, kutali ndi chipatala cha ku Ulongwe, limene mayi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo atenga buku la Werner nayamba tsamba loyamba, masamba atatu usiku uliwonse nyali isanazime. Buku la Chingerezi lili ndi mitu 23, ndipo za uchembere zili pa mutu 19, pafupi ndi tsamba 250. Kuti afike pamenepo padutsa masiku oposa 80. Mwana adzakhala atabadwa kale, bambo akadali pa za njoka zam'mimba! M'buku la amayi nkhani ya pakati ndi kubereka ili pa mutu 6, ndipo yoyamwitsa ikutsatira pomwepo. Banja limeneli liyambe ndi buku la amayi, ndiponso lisachite manyazi kudumpha mitu isanu yoyambayo.

Chimene ayenera kutolamo msanga ndi zizindikiro zoti athamangire kuchipatala osadikira kuti kuche: kutaya magazi, kutupa nkhope ndi manja pamodzi ndi mutu waukulu, kukomoka, kutentha thupi, kapena matenda a kubereka kupitirira maola 12 mwana osaoneka. Awerenge mokweza, apongozi ndi mwini njinga ali pomwepo, chifukwa tsiku la vuto mayi mwiniwake sadzakhala ndi mphamvu yotsutsana ndi aliyense. Buku la Werner nalonso limatchula zizindikirozi, koma la amayi limapita patali. Limakamba za kupita padera, matenda opatsirana pogonana, khansa ya khomo la chiberekero, nkhanza za m'banja, ngakhale za amayi othawa nkhondo, nkhani imene anthu a kuno safuna wowafotokozera.

Tsono pali chinthu china chimene chingagwetse zonse zanenedwazi, ndicho chaka. Mabuku awiriwa akhala akukonzedwa kangapo, ndipo la m'bokosi la kwanu likhoza kukhala lakale kwambiri. Chaka chimalembedwa ndi timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa tsamba la dzina la buku. Pamenepo pamakhala zaka zingapo. Chofunika ndi chaka chimene bukulo lidakonzedwa komaliza, osati chimene adangolisindikizanso, chifukwa kusindikizanso kumasintha pepala lokha, mawu ali omwe aja.

Ngati tsambalo lidadyedwa ndi chiswe, njira ilipo. Tsegulani mndandanda wa mawu kumapeto, mupeze malungo m'mabuku onse awiri, ndipo muone mankhwala amene akutchulidwa poyamba. Buku likati kolorokwini ndiye mankhwala a malungo, dziwani kuti lidatsalira. Tizilombo ta malungo kuno tidasiya kumumva. Dziko la Malawi lidamuchotsa mu 1993 n'kuika fansida, ndipo mu 2007 fansidayo adalowedwa m'malo ndi LA. Ku Mozambiki mankhwala omwewo a LA amadziwika kuti kowatemu. Amaperekedwa magazi atayezedwa, amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi kumatsata kulemera kwa wodwala. Mayi wotsata buku lakale akhoza kumwetsa mwana mapiritsi a pamsika mokhulupirika, masiku awiri n'kutha, malungo akukwera kumutu.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa fansida sadatheretu ntchito. Kusikelo amawapatsabe amayi oyembekezera, kuyambira miyezi itatu yoyamba ikatha, kuti awateteze ku malungo. Kumeneko ndi kuteteza, si kuchiza. Buku lotchula fansida pa za pakati silinalakwe ayi, koma lomutchula ngati mankhwala a mwana wotentha thupi latha nthawi.

Yesaninso ndi mawu akuti Edzi, kapena Sida m'Chipwitikizi. Buku la Werner la mu 1977 lilibe mawu amenewa, poti matendawa adadziwika mu 1981. Ndipo buku lililonse lonena za Edzi popanda kutchula mankhwala otalikitsa moyo, kapena oteteza mwana wosabadwa, lidalembedwa mankhwalawo asanafike m'zipatala za boma.

Kodi lakalelo aliponye pamoto? Iyayi. Liwombo lolowa likadali chizindikiro chomwe chija, ndipo kusamba m'manja sikudasinthe. Chimene chimakalamba msanga ndi masamba obiriwira aja. Choncho ngati limodzi lili latsopano, lina lakale, za mankhwala zimvedwe kuchokera ku latsopanolo, ngakhale kuwerenga kutayambira ku linalo. Onse akakhala akale, alembe ndi pensulo pa tsamba loyamba lobiriwira kuti "funsani anamwino", kuti mwana wa sukulu wodzawerengera agogo ake asawasokeretse.

Za chilankhulo nazo zisaiwalike. Amene adaphunzira ku Dedza kapena ku Ntcheu pa nthawi ya nkhondo amamva Chingerezi, ana a masiku ano amamva Chipwitikizi. Ngati buku loyenera kuyamba lili m'chilankhulo chimene pakhomo palibe wochimva, ayambe ndi linalo, apeze mutu womwewo kudzera mu mndandanda wa kumapeto. Bambo wa ku Domwe uja, akakhala kuti ali ndi buku la Werner lokha lomwe angalimve, atsegule pa za uchembere usiku uno, za njoka zam'mimba adzawerenga mwana atabadwa.