Musanatulutse ndalama, itembenuzeni nsapatoyo

Anzanga, ambiri mwa inu munandiona teremu yatha ndikulowa pageti nditavala masinika oyera mbee, olembedwa Nike m'mbali. Ena munandiimbira mluzu, ena munafunsa mtengo. Patangotha masabata atatu munandionanso nditabwerera kumapatapata anga akale, ndipo palibe amene anafunsa chifukwa. Lero ndikuuzani ndekha, poti manyazi anatha koma ndalama sizinabwerere.

Ndalamazo zinali K35,000. Ndinazipeza polima ganyu patchuthi ndi kugulitsa ndowa ziwiri za mtedza wa pakamunda kamene amayi anandigawira. Tsiku la msika ndinapeza venda wina atayala nsapato palona, zonse zonyezimira. Nditangogwira imodzi anati, “Mfana, uli ndi diso. Imeneyo ndi orijino, yangofika kumene kuchokera ku Joni. Mtengo ndi fifite, koma iweyo poti ndi wasukulu, pereka zimene uli nazo.” Ndinayesa phazi limodzi lokha, n'kulipira, n'kuthamangira kunyumba mtima uli m'mwamba. Kuchokera kwathu kufika pasukulu pano ndi makilomita 6. Mvula itagwa kawiri, soli ya kumanzere inayasama ngati ng'ona.

Maganizo anga ndi awa: kuvala nsapato yotchipa si mlandu, ndipo aliyense woseka mnzake pa zimenezo ndi wopepera. Choipa n'kulipira ndalama zochuluka chifukwa cha dzina lomwe ndi labodza. Ukagula feki ukudziwa kuti ndi feki, pamtengo wa feki, wasankha wekha. Koma ukagula feki utauzidwa kuti ndi orijino, waberedwa dzuwa likuswa mtengo. Ndipo nthawi yodziteteza ndi imodzi basi, ndalama zikadali m'thumba mwako, chifukwa pamsika wa kwathu kuno palibe lisiti, ndipo sabata yotsatira vendayo amakhala ali kumsika wina.

Nsapato yanga ndinapita nayo kwa abambo ena osoka nsapato pakhonde la golosale. Anaitembenuza kawiri n'kuseka. “Mwanawe, iyi ukanabwera nayo usanagule, ndikanakuuza ulere.” Zimene anandionetsa tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene amalume anga ogulitsa nsapato za kaunjika anawonjezerapo, ndi zimene ndikulemba apa.

Choyamba ndi mtengo, ndipo apa pamangofunika masamu a Fomu 1. Nsapato yomwe yanga inkatsanzira imatchedwa Air Force 1. Yeniyeni yatsopano imagulidwa madola oposa 100 m'masitolo a kunja. Madola 100 ndi ndalama zoposa K150,000, tisanawerengere thiransipoti, msonkho ndi phindu la wogulitsa. Ndiye tandiuzani, munthu angaitenge bwanji kutali konseko n'kudzaigulitsa K35,000 palona? Amakukondani kwambiri kuposa ana ake? Chizindikiro china n'kutsika kwa mtengo mothamanga. Wogulitsa akachoka pa fifite kufika pa sate-faifi inu musananenerere n'komwe, dziwani kuti pamene anaigula m'pansi kwambiri. Onaninso kuchuluka kwake. Akakhala ndi nsapato za mtundu umodzi zatsopano m'masayizi onse ndi m'mitundu yonse, ataziunjika ngati tomato, zimenezo si za sitolo ya eni dzina.

Chachiwiri ndi kasokedwe, ndipo apa m'pamene ndinapusitsidwa kwenikweni. Pa Air Force 1 yeniyeni pali msoko wa ulusi wozungulira soli yonse, womwe umathandiza kugwira soliyo ku chikopa. Pa yanga msokowo unkaoneka, koma abambo aja atadutsitsapo chikhadabo anandionetsa kuti sunali ulusi ayi. Unali chithunzi chabe cha ulusi, choumbidwa pamodzi ndi pulasitiki ya soli. Chomwe chinkagwira nsapato yonse chinali guluu yekha, ndipo guluu wotchipa sagwirizana ndi matope a Januwale. Choncho kandani msoko ndi chikhadabo. Ulusi weniweni umamveka kuti ndi ulusi, ndipo umalowa m'kabowo n'kutulukira m'kena.

Mukatero tsatani msoko ndi maso kuyambira kuchala mpaka kuchidendene. Wa nsapato yabwino umayenda mofanana, timipata take n'tolingana, ndipo pomwe pali mizere iwiri imayenda limodzi osakumana. Wa feki umakhota, pena wathina pena watayana, ndipo kumapeto kumalendewera timaulusi. Yang'anani pomwe soli yakumana ndi chikopa ngati guluu wachita kutuluka n'kuuma ngati phala. Inunkhizeni m'kati, musachite manyazi. Fungo lamphamvu la guluu lolasa m'mphuno si chizindikiro chabwino. Kenako zulani kansalu kopondapo phazi. Pansi pa kanga panali katoni, ndipo pansi pa katoniyo soli inali ya mabowomabowo ngati zisa za njuchi. N'chifukwa chake inali yopepuka ngati chigubu chopanda madzi, pomwe yeniyeni ya mtundu umenewu imalemera ndithu m'manja. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Musachite ngati ine woyesa phazi limodzi. Ikani nsapato zonse ziwiri pansi moyandikana, muzione chakumbuyo. Kutalika kwa zidendene kufanane, chizindikiro cha kampani chikhale pamalo amodzi uku ndi uku, zilembo zikhale zowongoka. Werengani dzinalo chilembo ndi chilembo, poti maso amathamanga. Ya Adidas ili ndi mizere itatu, koma pamsika ndinaonapo ya mizere inayi, dzina lake litasinthidwa chilembo chimodzi.

Chachitatu ndi lebulo ndi bokosi. M'kati mwa nsapato ya Nike, kawirikawiri kuseri kwa lilime kapena m'mbali, muli kalebulo kolembedwa sayizi m'njira zingapo, monga US, UK ndi EUR, dziko lomwe inapangidwa, komanso nambala ya mtundu wa nsapatoyo. Nambalayi imakhala ndi zilembo kapena manambala 6, kamzere, kenako manambala atatu osonyeza mtundu wa utoto. Mwachitsanzo, Air Force 1 yoyera yokhayokha ya amuna ili ndi CW2288-111. Nambala ya kumanzere ifanane ndi ya kumanja, ndipo zonse zifanane ndi yomwe ili papepala lomatidwa pabokosi. Ngati pali wina wa foni ya intaneti pafupi, mupempheni alembe nambalayo. Ikatulutsa chithunzi cha nsapato yofiira inu mutagwira yoyera, ibwezeni palona. Yanga inalibe bokosi, inabwera m'jumbo, ndipo kalebulo kake kanafufutika sabata yoyamba ndi thukuta lokha.

Pali bodza limodzi lomwe timauzana pano pasukulu, loti nsapato yolembedwa kuti inapangidwa ku China ndiye kuti ndi feki. Si zoona. Nsapato zenizeni za makampani amenewa zimapangidwa m'mafakitale a ku Vietnam, Indonesia ndi China komweko. Dzina la dziko palokha silikuuzani kanthu. Bokosinso palokha si umboni, chifukwa opanga feki amasindikiza mabokosi awo. Bokosi lofewa, zilembo zosaoneka bwino kapena sipelo yolakwika zimatsutsa nsapato, koma bokosi lokongola siliitsimikiza.

Pa mawotchi nkhani ndi yomweyo, ndipo ikutikhudza ife a Fomu 2 amene tikufuna wotchi yoti tizionera nthawi pokonzekera mayeso a JCE. Wotchi yomwe imakopedwa kwambiri ndi kakuda kaja ka Casio F-91W, komwe kanayamba kupangidwa mu 1989. Ili ndi mabatani atatu, awiri kumanzere, limodzi kumanja. Dinani la kumanjalo osalisiya kwa masekondi atatu kapena kuposerapo pang'ono. Yeniyeni imalemba mawu akuti CASIo pagalasi. Mafeki ambiri otchipa sachita zimenezi, ngakhale ena ochenjera anaphunzira kutsanzira. Itembenuzeni: kumbuyo kuli chitsulo chomangidwa ndi timasikuluwu tinayi, cholembedwa F-91W ndi nambala 593 mozama ndi mooneka bwino. Pindani lamba pang'ono. Weniweni ndi wofewa, wa feki ndi wouma ndipo sachedwa kuthyoka pabowo. Chomaliza, itcherani nthawi mofanana ndi foni, muzungulire msika, mubwerenso. Ikakhala itasiyana kale ndi foni, ingakuthandizeni chiyani m'mayeso?

Za mawotchi onyezimira olembedwa Rolex sindichedwapo. Yeniyeni imagulidwa madola masauzande angapo, ndalama zogulira galimoto. Pafupifupi zonse siziyendera batire, ndipo kamuvi ka masekondi kamayenda mosalala. Mukaona kakudumpha kamodzi pasekondi, thi, thi, thi, ndiye kuti m'kati muli batire. Mawotchi ena ali ndi timawotchi ting'onoting'ono titatu m'kati. Dinani mabatani a m'mbali muone ngati timivi take tikuyenda. Pa ambiri a pamsika ndi tongomata, tokongoletsa basi. Ndipo golide wakeyo amasuluka m'mwezi umodzi n'kukusiyirani mkono wobiriwira.

Ndikudziwa wina anena kuti, “Aise, orijino tingaikwanitse ife? Bola feki yomweyo, tioneke nawo.” Ndikumva, nanenso ndinkaganiza choncho. Koma pali njira ziwiri zoposa imeneyo. Yoyamba ndi kaunjika. Nsapato yeniyeni yomwe wina anavalapo miyezi ingapo imapirira msewu wathu kuposa feki yatsopano. Kumenekonso tsegulani maso, poti mavenda ena amasakaniza feki zatsopano m'mulu wa kaunjika, ndipo ena amaphatikiza nsapato ziwiri zosiyana n'kuzipaka polishi. Nambala ya pakalebulo ija ndi imene ingakupulumutseni. Njira yachiwiri n'kugula nsapato yopanda dzina lotchuka koma yosokedwa bwino, n'kupita nayo kwa wosoka kuti aidutsitse ulusi kuzungulira soli isanayambe n'komwe kumatuka.

Ndivomere kuti pali mafeki ena opangidwa mwaluso moti angapambane mayeso onse ndatchulawa. Pa amenewo chotsala ndi masamu a mtengo aja. Komanso onani nkhope ya wogulitsa mukayamba kufufuza. Wa katundu wabwino amakusiyani muzule kansalu, muwerenge lebulo, ngakhale kukaitana mkulu wanu. Amene akukufulumizitsani kuti “ena akuifuna, lipira msanga” akuopa maso anu.

Nsapato yanga ija abambo aja anaisoka ndi K2,000, ndipo pano ndimavala popita kudimba. Loweruka likubwerali kuli msika. Amene mwasunga ndalama za nsapato, ndipezeni pa nthawi ya buleki ndikuonetseni katoni ndinazula m'kati mwake, ndimayenda naye m'chikwama.

Wophunzira wa Fomu 2