Kotesheni yotsika mtengo si ndiye yotchipa nthawi zonse

Pakati pa eni malole onyamula matabwa ku Luwawa, ndi ena ogula galimoto ndi ndalama za ku Joni ku Mzimba boma ndi ku Jenda, pali mawu amene azika mizu: inshuwalansi ndi imodzi, chosiyana ndi dzina la kampani basi, ndiye wochenjera amangotenga yotsika mtengo. Ena amawonjezera kuti ndi kapepala kongoonetsa apolisi a pamsewu. Mawuwa ali ndi kachoonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake akhalitsa. Lamulo la pamsewu m'Malawi limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene ambiri amaitchula kuti fedipate, ndipo pa chipata cha apolisi kapepala ka kampani iliyonse yovomerezeka kamadutsa mofanana. Kulakwa kwa mawuwa kumayamba pamene akugwiritsidwa ntchito poyerekeza makotesheni awiri, chifukwa nambala ya pansi pa kotesheni imangonena ndalama zimene mwini galimoto apereke. Zimene adzalandire tsiku la ngozi zimalembedwa m'mizere ya pamwamba, imene ambiri saiwerenga.

Choyamba kuona ndi mtundu wa inshuwalansi. Fedipate imalipira munthu wina amene wavulazidwa kapena amene katundu wake wawonongedwa, koma galimoto ya mwiniyo siilipira ngakhale tambala. Palinso fedipate yowonjezera moto ndi kuba. Pamwamba pake pali kompurehensivu, imene imalipiranso kukonza galimoto ya mwini ikachita ngozi. Kotesheni ya fedipate ndi ya kompurehensivu siziyerekezeka n'komwe, ndipo izi anthu ambiri amazidziwa. Chovuta n'chakuti makotesheni awiri a kompurehensivu, a galimoto imodzimodziyo, akhoza kusiyana kwambiri mkati mwake.

Chitsanzo chikhale cha lole ya matani atatu imene imatuta matabwa m'nkhalango ya Viphya, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Pamsika lero loleyo ingagulitsidwe K30,000,000. Kampani yoyamba yati pachaka mwiniyo alipire K1,200,000, yachiwiri yati K1,650,000. Wongoyang'ana pansi pa pepala aona kuti akatenga yoyamba apulumutsa K450,000, ndalama yokwanira kuchitira zinthu zooneka pakhomo.

Pamwamba pa kotesheni pamakhala mzere wa mtengo wa galimoto umene inshuwalansi yawerengera. Pa kotesheni yoyamba palembedwa K20,000,000, pa yachiwiri K30,000,000. Kampani imapeza pulimiyamu, kutanthauza ndalama yolipira pachaka, potenga maperesenti angapo a mtengo umenewo. K1,200,000 pa K20,000,000 ndi maperesenti 6, pamene K1,650,000 pa K30,000,000 ndi maperesenti 5.5. Ndiye kuti kampani yooneka yodulayo ndiyo ikugulitsa chitetezo motchipa, ndipo yoyambayo yatsika chifukwa yawerengera lole ya mtengo wochepa. Kugawa pulimiyamu ndi mtengo wa galimoto ndi masamu a mphindi imodzi pafoni, koma amatembenuza nkhani yonse.

Nambala ya K20,000,000 nthawi zambiri siichokera ku chinyengo. Mwiniyo amatchula mtengo umene anagulira, kapena wothandizira amakopera wa chaka chatha. Koma kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, kenako ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, ndipo galimoto ndi masipeyala ake zimagulidwa kunja ndi madola kapena malandi. Lole imene inalembedwa mtengo ndalama isanagwe yakalamba m'zaka koma yakwera mtengo m'makwacha. Ena amatsitsa dala mtengowo kuti pulimiyamu ichepe, poganiza kuti popeza lole yonse siingatheretu, K20,000,000 ikwanira kukonzera ngozi wamba.

Kuganiza kumeneku kumagwa ndi ndime imene mapangano ambiri a inshuwalansi amakhala nayo, yakuti wolembetsa katundu pa mtengo wochepera weniweni amatengedwa ngati gawo lotsalalo akudziteteza yekha. Lole ija itsetsereke m'chifunga cha ku Chikangawa pa msewu wa M1, igunde mtengo, ndipo galaja inene kuti kukonza ndi K9,000,000. Woyesa zowonongeka wa kampani yoyamba akapeza kuti loleyo inali ya K30,000,000, ndipo ndimeyo ilimo m'pangano, kampani iwerengera magawo 20 pa 30 a ndalama yokonzera. Imatsala K6,000,000. Kampani yachiwiri iwerengera K9,000,000 yonse.

Pamenepo pamabwera ekisesi, ndalama imene mwini galimoto amasenza yekha pa ngozi iliyonse kampani isanayambe kulipira. Pa kotesheni yoyamba yalembedwa maperesenti 15, pa yachiwiri maperesenti 10. Kampani yoyamba ichotsa K900,000 pa K6,000,000 ija n'kupereka K5,100,000, ndipo mwini lole afunafuna K3,900,000 ya m'thumba mwake kuti galimoto ituluke m'galaja. Yachiwiri ichotsanso K900,000 koma pa K9,000,000, n'kupereka K8,100,000. Kusiyana kwake ndi K3,000,000, pa ngozi imodzi yapakatikati, kwa munthu amene anapulumutsa K450,000. Lole ikanapsa yonse, yoyamba sikanapitirira K20,000,000, ndipo ekisesi ikanachotsedwabe. Mbali inayo ya nkhaniyi nayo ndi yofunika: kulembetsa lole ya K30,000,000 pa K40,000,000 n'kutaya ndalama, chifukwa kampani siilipira kuposa mtengo weniweni wa galimoto pa tsiku la ngozi.

Ekisesi ili ndi mchira umene umabisala m'zilembo zazing'ono. Kawirikawiri imalembedwa kuti maperesenti akutiakuti koma osatsika ndalama yakutiyakuti. Ngati malire apansiwo ndi K500,000, kukonza bampala ndi nyali kwa K400,000 sikulipidwa n'komwe. Makampani ena amawonjezera ekisesi ina ngati woyendetsa ndi wamng'ono m'zaka kapena wangotenga kumene laisensi, zomwe zimakhudza banja limene galimoto yochokera ku Joni imasiyidwa m'manja mwa mphwake wa mwiniyo.

Mzere wina umene ungafafanize zonse ndi wa ntchito ya galimoto. Pulimiyamu ya galimoto ya pakhomo ndi yotsika kuposa ya galimoto yonyamula katundu wa mwini pa bizinesi, ndipo iyinso ndi yotsika kuposa ya galimoto ya hayala. Lole imene yalembedwa kuti imanyamula katundu wa mwini, koma yachita ngozi itasenza matabwa a munthu wina amene walipira ulendo wa ku Lilongwe, yachita ntchito imene siinalembedwe, ndipo kampani ikhoza kukana kukonza. Chimodzimodzi kagalimoto kolembedwa ka pakhomo koma kakuchita matola pakati pa Jenda ndi Mzimba boma. Kotesheni ikatsika modabwitsa, apa ndi pamene payenera kuyamba kuyang'anidwa. Matabwa enieniwo nawo sali m'kompurehensivu ya lole. Katundu wa paulendo ali ndi inshuwalansi yakeyake, ndipo anyamata okweza amene akhala pamwamba pa matabwa satengedwa ngati apaulendo otetezedwa pokhapokha zitalembedwa.

Ngakhale pa fedipate, pamene mawu a "zonse n'zimodzi" amaoneka olimba, pali malire a ndalama zimene kampani ingalipire pa kuvulala kapena imfa ya munthu, ndi malire ena pa katundu wa anthu ena. Khoti likagamula chipukutamisozi choposa malirewo, chotsalacho chimagwera mwini galimoto ndi woyendetsa wake. Lole yodzaza matabwa ikawomba galimoto yatsopano ya bungwe, malire a katundu akhoza kutha kukonza kusanafike ndi pakati pomwe. Makampani amalola kukweza malirewa powonjezera ndalama, ndiye makotesheni awiri a fedipate akasiyana mtengo, nthawi zina kusiyana kwake kuli pamenepo.

Kutalika kwa Luwawa kumapatsa mphamvu mizere ina imene munthu wa m'tauni sangaiganizire. Kukoka lole kuchokera m'msewu wafumbi wa m'nkhalango mpaka ku galaja ya ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ndi ndalama zambiri, ndipo kotesheni imaika malire a ndalama zokokera. Galasi lakutsogolo, limene miyala ya mumsewu imaswa kawirikawiri, lili ndi malire ake. Kwa amene amawoloka kupita ku Lundazi, funso ndi lakuti chitetezo chimathera pa malire a dziko kapena ayi. Khadi yachikasu ya COMESA imateteza anthu ena a m'dziko lachilendolo, osati galimoto ya mwini.

Potsiriza pamabwera nambala ya pansi ija, imene nayonso iyenera kufunsidwa. Ina ndi ya chaka chathunthu, ina ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ina yaphatikiza kale misonkho ndi ndalama zolembera, ina ayi. Ina yachotsedwa kale mphoto ya amene watha zaka osachita ngozi, mphoto imene imachepa kapena kutha ngozi ikachitika. Makotesheni amayerekezeka pokhapokha makampani onse atapatsidwa mtengo wa galimoto umodzi, ntchito imodzi, oyendetsa omwewo ndi nthawi yofanana. Zikatero, n'kupezeka kuti ekisesi ndi malire nazo zikufanana, yotsika mtengo ndiyo yabwinodi. Mwini galimoto yakale kwambiri, imene pulimiyamu ndi ekisesi zingadye gawo lalikulu la mtengo wake, salakwanso kusankha fedipate yokha, bola adziwe kuti kukonza n'kwake.

Kotesheni payokha si pangano. Chitetezo chimayamba kampani ikavomera ndipo pulimiyamu italipidwa, ndiye ndalama yoperekedwa kwa wothandizira pansi pa mtengo iyenera kubwera ndi lisiti la kampani komanso chikalata cha pangano, chimene mizere yake ifanane ndi ya pa kotesheni. Makampani a inshuwalansi ndi mabuloka awo amapatsidwa chilolezo ndi Mlembi wa mabungwe a zachuma, udindo umene uli m'manja mwa Gavanala wa Banki Yaikulu ya Malawi pansi pa malamulo a 2010. Mwini galimoto amene kampani yamukanira kulipira amayamba wadandaula ku kampaniyo polemba kalata, ndipo akapanda kuthandizidwa amapititsa dandaulo ku ofesi ya Mlembiyo. Kumeneko chimene chimayang'anidwa ndi chikalata cha pangano, kuti chinalembedwa mtengo wanji, ntchito yanji ndi ekisesi yanji.