Bonasi yolandirira si ndalama yaulere

Pa mawailesi, m'maminibasi ndi m'mashopu obetchera mwafala mawu akuti bonasi imene kampani imapatsa munthu wongolembetsa kumene ndi ndalama yaulere, ndipo woikana ndi wogona. Ife tikutsutsa. Ndalamayo ili ndi chingwe, ndipo chingwecho chalembedwa m'malamulo amene ambiri amangodina kuti avomera osawerenga.

Tiyerekeze kuti mwaika K10,000 kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, kampani n'kuwonjezerapo K10,000 ina. M'malamulo alemba kuti rollover 5x. Akutanthauza kuti musanatape bonasiyo muyenera kubetcha ndalama zokwana K50,000, ndipo kawirikawiri amafuna matikiti a magemu atatu kapena kuposa, m'masiku owerengeka okha.

Funso nali: pozungulitsa K50,000 imeneyo, zingati zimatsalira kwa kampani? Taonani gemu imene mbali zonse ziwiri zili ndi mwayi wofanana. Pakanakhala popanda phindu la kampani, mbali iliyonse ikanalipira 2.00, koma mumapeza 1.90. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, K95 yokha ndiyo imabwerera kwa obetcha. Mukalumikiza magemu atatu pa tikiti imodzi, kudulako kumachitika katatu, ndipo zobwerera zimatsika kufika pafupifupi K86. Pa K50,000, ndiye kuti pafupifupi K7,000 yapita. Pa bonasi ija mwatsala K3,000, komanso iyi ndi avereji chabe: ambiri timu imodzi imawaphera matikiti, bonasi n'kutha asanafike ndi pakati pomwe.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi kachiganizo kamodzi. Makampani ena amawerengera 5x pa bonasi ndi dipoziti pamodzi. Apo muyenera kubetcha K100,000, zotayika n'kufika K14,000, kuposa bonasi yomwe. Pamenepo mukulipira mphatsoyo ndi ndalama ya ufa wa kunyumba, ndipo nthawi zina dipoziti yanu yomwe siitapika mpaka mutamaliza, kapena mukaitapa bonasi imafufutidwa.

Beti yaulere nayo anthu amaiwerengera molakwika. Ya K1,000 ikawina pa 2.00, nthawi zambiri mumalandira K1,000 osati K2,000, chifukwa ndalama yobetcherayo sibwezedwa.

Ena atiyankha kuti mnzawo anatapa K200,000 kuchokera pa bonasi. Zimachitika ndithu, sitikukana. Koma amene zawo zinapsa sajambula tikiti n'kutumiza pa gulu. Ndipo fufuzani ngati palibe malire a ndalama zimene mungawine ndi bonasi, poti ena amaika.

Si bonasi iliyonse yoipa. Ngati akuti muibetche kamodzi kokha, pa gemu imodzi, ndipo dipoziti yanu mutha kuitapa nthawi iliyonse, mwatayapo pafupifupi K500 pa K10,000, ndipo munthu amene amabetcha kale atha kuitenga. Koma ikafuna kuti mubetche ndalama zoposa zimene munakonza mwezi umenewo, ikaneni polembetsa pomwepo, musanaike dipoziti.